Mabokosi ndi mivi: kuzitsitsa papepala kuzilowetsa mufoni ngati mndandanda

Muvi uliwonse wojambulidwa pakati pa mabokosi awiri umanena zinthu zitatu chabe: wachoka kuti, walowa kuti, wanyamula chani. Zina zonse zimene maso amaona, kupindika kwake, kutalika kwake, kuti wazungulira kumanzere kapena wadutsa pansi pa bokosi lina, zimenezo zinabwera chifukwa malo papepala anachepa basi. Ndiye ngati chithunzi chili ndi mabokosi olembedwa maina ndi mivi yolumikiza, mutha kuchitaipa chonse ngati mndandanda, muvi umodzi laini imodzi, chinthu choti chimalowa mu meseji ya WhatsApp osadya bando yambiri, chimawerengeka pa foni iliyonse olo ya mabatani, ndipo munthu wosaona amene foni imamuwerengera mawu atha kuchimva, pomwe pa chithunzi sapezapo kanthu.

Kutaipako si ntchito. Ntchito ili pa mivi ija imene wojambula anailemba mothamanga, ija yoti aliyense akaiona amagwedeza mutu ngati wamva koma mukamufunsa kuti ndiye ikuloza ndani amayamba kukanda kumutu.

Alamu anga ali ndi shopu ya hadiweya ku Kamwala mu Lusaka, simenti, malata, penti, misomali, zoterozo, ndi stoko ina yaikulu ku Chinika. Muofesi mwawo muli pepala la manila pakhoma, lojambulidwa ndi maka, losonyeza mmene oda imayendera kuchoka pomwe kasitomala walowa mpaka katundu wafika. Akalemba kashiya watsopano amalijambula ndi foni nkumutumizira, manje chithunzi chikadutsa pa WhatsApp chimafinyidwa, timawu tating'ono ta pambali pa mivi timangokhala ngati nyerere zofa. Ndi pepala limenelo limene ndinakhala nalo pansi, ndipo ndiligwiritsa ntchito pano chifukwa lili ndi pafupifupi misampha yonse imene ndimaidziwa.

Musayambe ndi mivi. Yambani ndi mabokosi, muwalembe onse pa okha, lililonse mulipatse kadzina kafupi ka zilembo ziwiri zitatu kamene simudzakasintha. Pa pepala la alamu anali 9.

```
KAS  Kasitomala
KAU  Kaunta
KSH  Kashiya
ST1  Stoko ya kuseri kwa shopu
ST2  Stoko ya ku Chinika
DAL  Dalaivala
AKA  Akaunti
BWA  Bwana
GAD  Gadi wa pageti
```

Onani ST1 ndi ST2. Papepala mabokosi onse awiri analembedwa "Stoko" basi, ndipo palibe amene amasokonezeka chifukwa lina lili pafupi ndi kaunta lina lili kutali kumanja pansi, maso amadziwa okha. Mumndandanda mulibe pafupi mulibe kutali. Mukataipa "Stoko" kawiri ndiye kuti mwaphatikiza nyumba ziwiri kukhala imodzi, ndipo pamenepo pamatuluka laini yodabwitsa yoti stoko ikudzitumizira yokha oda. Mukaona laini yoti kumanzere ndi kumanja kuli dzina limodzi, imani kaye, nthawi zina ndi zoona koma kawirikawiri ndi mabokosi awiri a dzina limodzi amene mwawagundanitsa.

GAD nayenso ali ndi nkhani yake. Bokosi la gadi lili pakona, palibe muvi wolowa palibe wotuluka. Mukanayamba ndi mivi, gadi akanasowa osadziwika kuti anasowa, chifukwa mndandanda wa zolumikizana umangotchula amene alumikizidwa. Ichi ndiye chifukwa chachikulu cholembera mabokosi pa okha poyamba.

Zopatsa malo zilembo si zatsopano ayi. Leonhard Euler pa nkhani ija ya milatho 7 ya mumzinda wa Königsberg, mu 1736, anangotcha zigawo zinayi za mtunda A, B, C, D nkusiya mapu pambali, chifukwa funso lake linali loti chani chalumikizana ndi chani, osati mlatho ndi wautali bwanji.

Manje mivi. Njira imene ine ndimakonda ndi kutenga bokosi limodzi, kuika chala pamenepo, kulemba mivi yonse yotuluka, kenako kupita pa lotsatira. Yotuluka yokha. Mukayamba kusakaniza yotuluka ndi yolowa mudzalemba muvi umodzi kawiri, kamodzi muli pa mchira kachiwiri muli pa mutu. Muvi uliwonse mukaulemba ikani kachizindikiro ka pensulo pa mutu wake, kapena ngati mukugwira pa chithunzi cha mufoni dontheza kadontho kofiira. Zinatuluka chonchi.

```
1   KAS -> KAU : oda
2   KAS -> KSH : ndalama
3   KAU -> KAS : koteshoni
4   KSH -> KAS : risiti yoyera
5   KSH -> ST1 : risiti yachikasu
6   KSH -> AKA : risiti yapinki
7   ST1 -> KAS : katundu wopezeka mushopu
8   ST1 -> ST2 : oda ya katundu wosapezeka
9   ST2 -> DAL : katundu ndi delivare noti
10  ST2 -> BWA : chiwerengero cha stoko
11  DAL -> KAS : katundu
12  DAL -> AKA : delivare noti yosainidwa
13  AKA -> BWA : ripoti ya tsiku
```

Zikuoneka zaukhondo eti? Koma pa malaini 13 amenewa, angapo sanali choncho papepala, anachita kusankhidwa.

Laini 1 ndi laini 3 papepala ndi mzere umodzi wokhala ndi mitu iwiri, pamwamba pake palembedwa "oda/koteshoni". Ena amangotaipa `KAS <-> KAU` nkupitirira. Ine sindimalola, chifukwa chopita ndi chobwera si chinthu chimodzi, kasitomala sapereka koteshoni ndipo kaunta sipereka oda. Muvi wa mitu iwiri ndi mivi iwiri imene inabwerekana mzere, ndiye ipatseni malaini awiri, ndipo pogawapo ndi pamene mumakakamizika kunena kuti mawu ati ndi a mbali iti. Pali zithunzi zina zoti kulumikizana kulibedi mbali, monga mapaipi olumikiza matanki awiri kapena waya wa netiweki pakati pa makompyuta. Pamenepo laini imodzi ndi yokwana, lembani ndi `--` mmalo mwa `->`, ndipo musailembenso mobwerera.

Laini 5 ndi 6 ndiye zinatitengera nthawi. Papepala mzere umachoka kwa kashiya uli umodzi, wolembedwa "kope", ukafika pakati umagawika pawiri, mutu wina ku stoko ya kuseri wina ku akaunti. Mphanda yotere imatha kutanthauza zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Itha kutanthauza kuti chinthucho chimapita konsekonse, kapena kuti chimapita uku kapena uko malinga ndi mmene zinthu zilili. Chithunzi sichinena. Mndandanda nawonso sunena ngati mwangolemba malaini awiri onse "kope", ndipo kashiya watsopano atha kumatumiza kope limodzi kumene wafuna tsiku limenelo.

Ndinafunsa. "Alamu, kope ili limapita ku stoko ndi ku akaunti, kapena ku stoko olo ku akaunti?"

"Iii alamu, buku la marisiti simulidziwa? Lili ndi mapepala atatu. Loyera la kasitomala, lachikasu la anyamata a ku stoko, lapinki limatsala la asisi a ku akaunti."

Ndiye mawu amodzi a papepala anasanduka awiri osiyana. Zikanakhala za "kapena", chifukwa chake chikanalowa mu mawu a laini iliyonse, monga mmene zilili pa 7 ndi 8, pomwe ndalemba "wopezeka" ndi "wosapezeka". Pa zithunzi zija zokhala ndi kabokosi ka ngodya zinayi zosongoka kofunsa funso, inde ndi ayi wa pa mivi yotuluka ndi gawo la laini, mukawasiya ndiye kuti mndandanda wanu ukunena kuti zonse ziwiri zimachitika nthawi imodzi.

Laini 10 papepala ilibe mutu ndi umodzi womwe. Ndi mzere chabe kuchoka pa bokosi la bwana kufika ku stoko ya ku Chinika, pambali palembedwa "Lachisanu". Munthu ukauona umaganiza kuti bwana ndiye amatuma chinachake ku stoko, si bwana ali pamwamba, zinthu zimatsika. Kunapezeka kuti ndi mosiyana, Lachisanu lililonse a ku stoko amawerenga katundu nkutumiza chiwerengero kwa bwana. Apa lamulo langa ndi losavuta, pomwe pepala silinanene musalote. Ikani chizindikiro cha funso kumapeto kwa laini, mupitirize, mafunso onse mukafunse pamodzi. Mndandanda uli ndi vuto loti umaoneka wotsimikiza, laini yolota ndi laini yoona zimafanana ndendende zikataipidwa, pomwe papepala mzere wokayikitsa umaoneka kuti ndi wokayikitsa.

Kenako pali mizere yodutsana. Muvi wa 8 wochoka ku stoko ya kuseri kupita ku Chinika umadumphana ndi muvi wa 12 wa dalaivala wopita ku akaunti. Pa pepala lenileni mumaona kuti ndi mizere iwiri, maka wina anali atayamba kutha inki. Pa chithunzi cha mufoni pamangooneka mtanda, ndipo ndi zosavuta kutsata mzere kuchoka ku ST1, kufika pa mtanda, kukhota, nkukathera ku AKA, basi mwapanga kulumikizana kumene kulibe. Ojambula mawaya a magetsi anathana nazo kalekale, pomwe mawaya alumikizana amaika kadontho kakuda, pomwe angodutsana palibe kadontho. Koma wojambula ndi maka pakhoma la shopu satsatira zimenezo. Chimene chimathandiza ndi kutsata muvi kuchokera ku mutu kubwerera ku mchira, ndipo pa mtanda uliwonse kupitirira molunjika, kenako kuona ngati mawu a muviwo akumveka kumene mwathera. Delivare noti yosainidwa yochokera ku stoko ya kuseri sizikumveka, amene amasainitsa kasitomala ndi dalaivala.

Manje mudziwa bwanji kuti simunasiye kanthu? Apa ndi pomwe anthu ambiri amawerenga chinthu cholakwika. Amawerenga mizere ya papepala nkufanizira ndi malaini. Pa pepala ili mizere ndi 11, malaini ndi 13, ndiye munthu amayamba kufufuta zoona poganiza kuti wabwereza. Werengani mitu ya mivi. Mitu ndi 12, chifukwa mzere wa oda ndi koteshoni uli ndi iwiri, mphanda ya kope ili ndi iwiri. Kuonjezapo mzere umodzi uja wopanda mutu, 13. Zagwirizana.

Koma chiwerengero chonsecho chili ndi malire ake. Mukatembenuza muvi, mwachitsanzo mwalemba `AKA -> DAL` mmalo mwa `DAL -> AKA`, malaini akadali 13 ndipo simudziwa kanthu. Ndiye pamafunika kuwerenga bokosi ndi bokosi. Pitani papepala, pa bokosi lililonse werengani mitu imene yaligunda, kenako mumndandanda werengani kangati kadzina kake kaoneka kumanja kwa muvi. Kasitomala wagundidwa ndi mitu 4, ndipo KAS ali kumanja pa laini 3, 4, 7 ndi 11. Akaunti mitu 2, laini 6 ndi 12. Mukanatembenuza uja, AKA akanaoneka kumanja kamodzi kokha pomwe papepala pali mitu iwiri, DAL akanaoneka kawiri pomwe papepala pali umodzi, ndipo mabokosi awiri olakwika amenewo ndi omwe akukuuzani laini yoti mukonze. Bwana yekha ndiye asiyana mwadala, papepala mutu umodzi mumndandanda kawiri, chifukwa cha mzere wa Lachisanu. Chofunika nchoti nambala imodzi ichokere papepala ina mumndandanda. Kuwerenga zolowa ndi zotuluka zonse mumndandanda momwemo nkupeza kuti zafanana sikutsimikiza kanthu, zimafanana nthawi zonse olo mutalemba zabodza, popeza laini iliyonse ili ndi kumanzere kumodzi ndi kumanja kumodzi.

Pali njira inanso yoyesera imene ndimaikonda, kupatsa kompyuta mndandandawo kuti ijambulenso chithunzi. Pulogalamu ya Graphviz, imene inayambira ku kampani ya ku America ya AT&T ndipo ndi yaulere, imawerenga mndandanda wofanana kwambiri ndi wathuwu. Apa ndaikapo kachidutswa chabe, mufayilo yeniyeni mumalowa mabokosi onse ndi mivi yonse.

```
digraph shopu {
  ST1 [label="Stoko ya kuseri"];
  GAD [label="Gadi wa pageti"];
  KSH -> ST1 [label="risiti yachikasu"];
  KSH -> AKA [label="risiti yapinki"];
}
```

Mukasunga ngati `shopu.dot` mumalamula chonchi.

```
dot -Tpng shopu.dot -o shopu.png
```

Chithunzi chimene chituluke sichifanana ndi cha pakhoma, mabokosi akhala pomwe pulogalamu yawaika, ndiye musafanizire maonekedwe, werengani mabokosi. Ngati atuluka 10 mmalo mwa 9 ndiye kuti penapake chala chinaterereka. Graphviz sidandaula ikaona dzina lachilendo, imangopanga bokosi latsopano mwakachetechete, ndipo kwa iyo `ST1` ndi `St1` ndi zinthu ziwiri. Choipa kwambiri ndi dzina la mawu awiri lopanda zizindikiro zogwira mawu. Mukalemba `Stoko yaikulu -> DAL` siikuuzani kuti mwalakwa, imatenga `Stoko` ngati bokosi loima palokha, nkujambula muvi kuchoka pa bokosi lina lotchedwa `yaikulu`. Timaina tafupi topanda mpata tija ndi apa timakupulumutsani. Chimene imakana poyera ndi kuika `--` mkati mwa `digraph` kapena `->` mkati mwa `graph`, imene ndi ya mizere yopanda mitu, pamenepo ndiye imaima nkunena kuti pali cholakwika. Amene mumagwiritsa ntchito GitHub kuli Mermaid, pulogalamu ina yojambula kuchokera ku mndandanda, imene kuyambira 2022 imajambulidwa pomwepo patsamba, kalembedwe kake ndi `KSH -->|risiti yapinki| AKA`, nzeru yake ndi yomweyi. Ndipo ngati zonsezi si zanu, Excel yokhala ndi makolamu atatu, kuchokera, kupita, chonyamula, imagwira ntchito bwinobwino, ndipo mutha kusanja ndi kolamu yachiwiri kuti kuwerenga kuja kuphweke.

Tisanamizane kuti mndandanda umasunga zonse. Pepala la alamu likaonedwa patali limakuuzani nthawi yomweyo kuti zinthu zimayambira kumanzere kuthera kumanja, kuti bwana ali pamwamba, kuti za ndalama zili ndi maka wofiira za katundu wabuluu. Zonsezo zimatayika pokhapokha mutazilemba dala. Mtundu wa maka mutha kuupatsa kolamu yake ngati uli ndi tanthauzo, koma funsani kaye, nthawi zambiri wofiira anagwira ntchito chifukwa wakuda anauma. Manambala a kumanzere kwa malaini anga nawonso asakupusitseni, si ndondomeko ya nthawi, laini 2 ya ndalama imachitika laini 3 ya koteshoni itachitika kale. Ndi manambala oti pokambirana pafoni munthu anene kuti "laini 8" basi. Palinso bokosi lalikulu lozungulira mabokosi ena, monga wina akazunguliza kaunta, kashiya ndi stoko ya kuseri nkulemba "Kamwala". Umenewo si muvi, ndi kunena kuti izi zili mkati mwa ichi, ndiye malo ake ndi pa mndandanda wa mabokosi, osati wa mivi. Ndipo muvi ukagunda mpanda wa bokosi lalikululo osalowa mkati, limenelo ndi funso linanso lokafunsa, ukupita kwa onse a mkatimo kapena kwa mmodzi amene aliyense akumudziwa koma sanalembedwe.

Chimene mndandanda umabweza pa zotayikazo ndi choti umafunsika. Tengani liwu loti "ndalama" mulifufuze pa malaini 13 aja. Likupezeka kamodzi, laini 2, kulowa kwa kashiya. Silikutulukanso. Malinga ndi pepala limene lakhala pakhoma nthawi yonseyi, ndalama zikafika kwa kashiya zimathera pomwepo. Papepala palibe anaziona chifukwa bokosi la kashiya lili ndi mivi yambiri, likuoneka lotanganidwa, maso amakhutira. Chimodzimodzi palibe laini yochoka KAU kupita KSH, ndiye kashiya amadziwa bwanji mtengo woti alandire? Yankho ndi loti kasitomala amanyamula yekha koteshoni kuchoka pa kaunta kupita pa windo la kashiya, kapepala kolembedwa ndi bolopeni, ndipo aliyense amene anagulitsapo mushopu akudziwa zimene nambala 1 imatha kusanduka ikakumana ndi bolopeni ina panjira.

Izi sindinazikonze mumndandanda woyamba, ndipo ndikulangizani musamatero. Kukopera ndi ntchito ina, kukonza ndi ntchito ina. Mndandanda woyamba unene zimene pepala likunena, ndi mipata yake yomwe, apo ayi mawa wina akafanizira ndi pepala apeza zosiyana osadziwa kuti kusiyanako ndi kulakwitsa kapena ndi dala. Zoonjeza zilowe pansi, pa zokha, ndi deti lake.

Nditawawerengera za ndalamazo alamu anaseka kaye, kenako anasiya kuseka. "Ndalama zimabwera kwa ine madzulo tikatseka, aliyense amadziwa."

"Kashiya wa mawa amadziwanso?"

Anatenga foni yanga nkutaipa okha, ndipo atafika pa gadi anakumbukira kuti ntchito yake yeniyeni ndi kuona risiti yoyera katundu asanatuluke pageti, muvi umene wojambula anauiwala kapena unasowa podutsa chifukwa kona imeneyo inali itadzaza kale.

```
14  KSH -> BWA : ndalama za tsiku, madzulo
15  KAS -> KSH : koteshoni ya ku kaunta
16  KAS -> GAD : risiti yoyera, potuluka
```

Laini 15 ili ndi kumanzere ndi kumanja kofanana ndi laini 2, kusiyana ndi chonyamula chokha, ndipo zonse ziwiri ziyenera kukhalapo. Mu Excel mukadina `Remove Duplicates` mutasankha makolamu awiri oyamba okha, imodzi ichotsedwa, ndipo mu Graphviz mukayamba fayilo ndi `strict digraph` iziphatikiza kukhala muvi umodzi. Siyani `digraph` wamba, ndipo mu Excel musankhe makolamu onse atatu.